Mlendo ndi mame

Mame sachedwa kukamuka, ndipo mlendo naye sakhalitsa. Akapita, chimene amanka akusimba m'njira ndi momwe munamulandirira.

M'midzi ya kwa Kabudula mwambiwu umaoneka pakhomo. Mlendo akati "odi", mwana amathamanga kukalandira katundu, koma moni sapereka msanga. Amayamba wayala mphasa kapena kutulutsa mpando, munthuyo akhale, apume. Kenaka eni khomo amabwera mmodzimmodzi, akulu patsogolo. Mtsikana amagwada, mnyamata amanjuta, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Funso lakuti "Kaya mwasiyako bwanji kunyumba?" silifuna yankho la mawu amodzi, pakuti ndi pamene matenda ndi maliro a kutali zimamvekera.

Mdzukulu wanga anapunthwa apa. Amalume ake atatsika pa kabaza kuchokera kwa Nsaru, iye anawaponyera moni ali chiimire, maso ali pa foni, n'kuwafunsanso ngati adya nsima. Mlendo wamanyazi amakana ngakhale njala itamupweteka, n'chifukwa chake safunsidwa, amangoona madzi osamba m'manja afika. Amalumewo anakanadi, ndipo anabwerera dzuwa lisanapendeke.