Singano Ikakubayani, Wodwala Woyamba Ndinu

Inu anamwino, azamba, akulabotale, ophunzira ntchito, ndi inu amene mumakolopa m'wodi ndi kunyamula zinyalala, mvetserani. Tsiku limene singano yochokera m'thupi la munthu wina idzaboole chala chanu, mzere wa odwala uyambe wadikira. Pa ola limenelo wofunika thandizo lachangu ndinu, ndipo musalole manyazi kapena kuchuluka kwa ntchito kukulandani olalo.

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu, nthawi ya 2 koloko usiku, pachipatala chaching'ono chakumudzi. Mzamba ali yekha ku mateniti, akuika kanyula pa mkono wa mayi amene akutaya magazi. Mayiyo wadzidzimuka, mkono wagwedezeka, singano yaboola golovesi n'kulowa m'chala. Mzambayu amange kanyulayo, aitane aliyense amene ali pafupi kuti ayang'anire mayiyo, avule magolovesi ndipo apite pa mpopi kapena pa ndowa ya madzi. Atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda. Magazi akamatuluka okha awasiye atuluke, koma asafinye chalacho, asachiyamwe, asachikweche. Jiki ndiye asamuyandikize n'komwe. Ambiri amathamangira jiki poganiza kuti mankhwala oluma ndiwo amapha kachilombo msanga, pamene jikiyo amangowotcha mnofu ndi kukulitsa bala. Magazi akakhala kuti athovukira m'maso, asukuluze ndi madzi ambiri oyera kapena madzi amchere a m'diripi. Akathovukira m'kamwa, alavule n'kuchukucha kangapo. Zonsezi zimatha m'mphindi zochepa.

Pamene anthu amagwera m'dzenje ndi apa: akatsuka, amavala magolovesi ena n'kupitiriza ntchito, amvekere ndiona Lolemba. Lolemba limenelo ndi kutali kwambiri! Kachilombo ka HIV kakalowa pa khungu sikafalikira thupi lonse pompopompo. Kamayamba kakhazikika m'maselo a pamalo pomwepo, kenako m'masiku ochepa kamafika ku tinthu ta mwanabele, ndipo kakafika kumeneko sikachokanso. Mankhwala oteteza otchedwa PEP amagwira ntchito mu mpata umenewu, poletsa kachilomboko kuswana kasanazike mizu. N'chifukwa chake malire ake ndi maola 72. Komatu maola 72 si nthawi yoti mudikire, ndi pamene chitseko chimatsekekera. Piritsi lomwedwa m'maola awiri oyamba limaposa la mawa, ndipo la mawa limaposa la mkuja. Mzamba wathu uja akadikira mpaka Lolemba m'mawa, nthawi imene a famase akutsegula, adzakhala atadutsa malirewo.

Tsono adzutse mkulu wa chipatala usiku womwewo. Agogode, aimbe foni, asapepese. Ayezedwe magazi kuti zidziwike ngati analibe kale kachilomboka, chifukwa amene ali nako kale safunika PEP koma ma ARV a moyo wonse. Mayi uja naye apemphedwe mwaulemu kuti ayezedwe, ndipo buku lake la kuchipatala lionedwe. Koma zipangizo zoyezera zikasowa, kapena mayiyo akakana, kapena singanoyo ikakhala yotoledwa m'zinyalala yosadziwika mwini wake, piritsi loyamba lisadikire. Imwani kaye, zina mukambirana kukacha. Kusiya mankhwala mawa zotsatira zikaonetsa kuti panalibe choopsa n'kosavuta, koma maola otayika palibe amene angakubwezereni.

Mankhwalawo si achilendo kwa inu. Ndi piritsi limodzi lija la TLD limene mumagawa tsiku ndi tsiku, lokhala ndi tenofoviya, lamivudini ndi dolutegiraviya. Mumamwa limodzi patsiku, pa nthawi yofanana, kwa masiku 28 osadumphitsa. Anthu a kale amene anamwa zidovudini amakumbukira nseru ndi kufooka, ndipo nkhani zawo zimaopsezabe achinyamata m'mawodi. Mankhwala a lero ndi opepukirapo. Ena amamva mutu, ena nseru, ena tulo timawavuta masiku oyamba, ndipo kwa otere kumwa m'mawa kumathandiza. Mukatuluka zidzolo thupi lonse, maso akachita chikasu, kapena mukamasanza osasiya, pitani kwa dokotala tsiku lomwelo m'malo mongosiya mwakachetechete. Chenjeraninso ndi mankhwala a chilungulira ndi mapiritsi owonjezera magazi, chifukwa amamanga dolutegiraviya m'mimba n'kumulepheretsa kulowa m'thupi. Imwani TLD maola awiri musanamwe amenewo, kapena padutse maola 6 mutawamwa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa nayenso amamwa PEP, angonena za pakati pakepo kwa womupatsa mankhwala.

Mantha akakugwirani, werengani bwino manambala. Mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a munthu wa HIV, pafupifupi atatu ndi amene amatenga kachilomboka, ngakhale osamwa kanthu. Chiopsezo chimakula bala likakhala lakuya, singano ikakhala yamphako yochokera mu mtsempha, magazi akamaoneka pa singanoyo, kapena wodwalayo akakhala ndi tizilombo tambiri m'magazi. Singano ya kanyula ya mzamba uja ili m'gulu limeneli. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1997 anapeza kuti ogwira ntchito zachipatala amene anamwa zidovudini yekha atabayidwa anachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 81 pa 100 aliyense. Amenewo anali mankhwala amodzi. Inu muli ndi atatu m'piritsi limodzi. Ndiye malizani, musasiyire panjira pa sabata yachiwiri chifukwa chala chapola. Nthawi yonseyi gwiritsani ntchito kondomu, musapereke magazi, ndipo mukayezetsenso pakatha miyezi itatu, kapena pa masiku amene akulemberani. Ndikudziwa kuti kufotokozera amuna anu kapena akazi anu za botolo la ma ARV ndi kondomu si nkhani yopepuka. Auzeni tsiku loyamba lomwelo, kapena mupite nawo kuchipatala akamve okha, botololo asanalipeze m'chikwama.

Pali mdani wina amene timamuiwala chifukwa maso onse ali pa HIV: matenda a chiwindi a mtundu wa B. Kwa munthu wosabayitsa katemera, singano imodzi ikhoza kumupatsira pakati pa 6 ndi 30 pa 100, kutengera kuchuluka kwa tizilombo mwa wodwalayo. Ku Malawi katemerayu analowa m'gulu la akatemera a ana mu 2002, kutanthauza kuti amene munabadwa chakacho chisanafike simunamulandire kusikelo. Katemerayu ndi majakisoni atatu: lero, pakatha mwezi umodzi, ndi pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Wobayidwa asanatetezedwe alandire jakisoni woyamba mwachangu, makamaka m'maola 24. Ndipo amene ali kale ndi matendawa anene asanayambe PEP, chifukwa tenofoviya ndi lamivudini amalimbananso nawo, ndipo posiya mankhwala chiwindi chikhoza kutupa. Mtundu wa C ulibe katemera kapena mankhwala oteteza, koma ukapezeka poyezetsa umachizika ndi mapiritsi a masabata pafupifupi 12.

Lembani ngoziyo m'buku: ola lake, mtundu wa singano, kuya kwa bala. Inu akuluakulu a zipatala, wantchito akabwera kudzanena musamufunse kuti unali kuganiza chiyani, chifukwa mukatero wotsatira wake sadzabwera. Funsani ngati bokosi lotayiramo singano linali pafupi ndi bedi, ngati linadzaza kupyola magawo atatu mwa anayi, ngati wina akubwezerabe chivindikiro pa singano ndi manja awiri. Ndipo lero lomwe, musanaweruke, pitani mukaone ndi maso anu pamene botolo la PEP la usiku limakhala, tsiku limene likutha mphamvu, ndi amene amasunga kiyi Loweruka ndi Lamlungu.