Nyenyezi Zinawaulula Achimwene Anga

Mu Ogasiti achimwene anga anaponya chithunzi pa gulupu yathu ya WhatsApp. Analemba kuti, “Usiku wa kuno ku Mangalande.” Amayi anasangalala, anayamika Mulungu. Koma ine, poti ku yunivesite ndinaphunzira jogirafe, maso anga anathamangira kumwamba kwa chithunzicho, ndipo mtima unangoti myuu.

Choyamba chinali mwezi. Unali wongokhala kumene, utagona chagada ngati bwato, ukuwala kumunsi. Ku Mangalande, madzulo a mu Ogasiti, mwezi wotere umaima chilili, ukuwala kudzanja lamanja. Komabe mwezi pawokha ndi mboni yofooka. Munthu akapendeketsa foni, mwezi nawo umapendekeka, ndipo kamera ya selufi imatembenuza zinthu ngati galasi.

Mboni yeniyeni inali chakumanzere: nyenyezi zinayi za Mtanda wa Kummwera. Mtandawu suoneka ukapitirira madigiri pafupifupi 27 kumpoto kwa ikweta, pamene London ali pa madigiri 51. Ndiye ku Mangalande ayi ndithu.

Ndikanalekera pomwepo, koma chidwi chinandikoka. Kutalika kwa Mtanda ndi madigiri ngati 6. Ukatsata mzere wake wautali kuchokera kumutu kudutsa kuphazi, n’kupitiriza mitanda inayi ndi theka, umafika pamalo pamene thambo lonse la kummwera limazungulira. Malowa akatalikirana ndi pomwe thambo lakumana ndi nthaka ndi madigiri akutiakuti, latichudi yako ndi yomweyo. Ku Lilongwe, pa madigiri 14, pamakwana mitanda iwiri ndi kachidutswa. Pachithunzi cha achimwene ndinapeza inayi ndi kachidutswa, kutanthauza madigiri cha m’ma 26. Kamera imapotozako zinthu m’mphepete, nyumba n’kubisa nthaka, choncho ndikhoza kuphonya pang’ono. Koma si kuphonya koti Joni n’kusanduka London.

Ngakhale dzina la Jonilo ndangoganizira. Nyenyezi zimangokuuza mzere, ndipo Maputo nayenso ali pafupi ndi mzere womwewo.

Funso limene linandisowetsa tulo ndi ili: kodi ukadziwa choonadi, ndiye kuti wapatsidwanso ufulu wochiulula? Kukhala chete ndi kuthandizira bodza, ndipo tsiku lina atadwala, amayi angamawafunefune kudziko kolakwika. Koma ndikanalemba pa gulupu, ndikanakhala ndikuteteza amayi, kapena kungoonetsa kuti sukulu ndinapita? Kunena zoona, chachiwirichi chinalipo ndithu. Komanso thambo linandiuza kumene anaima. Silinandiuze chimene chinachitika ndi ulendo wawo, kapena manyazi amene munthu amasenza abale atamusonkhera ndalama ya ndege.

Pa gulupu sindinalembe kanthu. Ndinawalembera paokha: “Achimwene, Mtanda wa Kummwera ndauona. Kwa amayi mukanene nokha, ine sindikutsogolerani. Koma muli bwinobwino?”

Panapita masiku awiri. Kenako anayankha: “Ndikuimbira Lamlungu, mng’ono wanga.”

Lero ndi Lachisanu. Foni ndaitchaja kale.