Kuonetsa Mlendo Malo Popanda Kumubwereka Maso Athu



M'Buku Loyamba la Ruhi timawerenga ndime zoletsa miseche, ndipo palibe amene amatsutsa. Tonse timaidziwa miseche ya pachitsime ndi ya m'minibasi. Koma ilipo ina yovuta kuizindikira chifukwa imabwera ngati chithandizo. Ine ndinakumana nayo pa tsiku langa loyamba pantchito, ndipo amene anandipatsa anali munthu amene anandilandira bwino kuposa onse.

Ndinalembedwa ukalaliki pa depoti ina yogula ndi kusunga chimanga, soya ndi mtedza. M'mawa umenewo ndinaima pageti ndi envulopu yanga m'manja, osadziwa kolowera. Anthu ankandidutsa ngati mtengo. Kenaka bambo wina anasiya zimene ankachita, nandigwira chanza ndi manja awiri, nati: "Takulandirani, achimwene. Mwayenda bwanji? Tiyeni ndikuonetseni malo musanasochere." Mpaka lero ndimawathokoza. Anandionetsa mosainira pofika, mpopi, chimbudzi, ofesi ya akapitawo ndi mayi wogulitsa nsima kuseri kwa mpanda amene amalola ngongole mpaka pakutha pa mwezi.

Koma pakhomo lililonse ankatsitsa mawu. "Alonda awa muzisamala nawo, dzanja ndi lalitali." "Mayi a ku ofesi ya ndalama ndi odzimva, musataye nawo nthawi." Pofika masana ndinali nditadziwa zitseko zonse, ndiponso ndinali nditaweruza anthu asanu amene ndinali ndisanalankhule nawo. Kwa miyezi ingapo ndinkabisa foni ndikaona alonda aja. Pambuyo pake ndinamva kuti nkhaniyo inayamba ndi mkangano wa ngongole pakati pa awiriwo. Panalibe chimene alondawo anandilakwira, koma ndinawamana ulemu nthawi yonseyo.

Apa ndi pamene pagona funso lathu. Tikamaonetsa mnzathu watsopano malo, kodi tikumupatsa chiyani? Munthu watsopano ndi wosavuta kumuumba. Sadziwa aliyense, ali ndi mantha, ndipo amagwiritsitsa dzanja loyamba limene lamutambasukira. Zimene wamva tsiku limenelo alibe poziyesera. Wogwira ntchito wakale akamva kuti wakutiwakuti ndi wakuba, amayerekeza ndi zimene waona yekha kwa zaka. Watsopano amangolandira. N'chifukwa chake mawu amodzi a tsiku loyamba amalemera kuposa mawu khumi a chaka chachiwiri.

M'Mawu Obisika, amene Bahá'u'lláh anavumbulutsa ku Baghdad cha m'ma 1858, chilungamo chalumikizidwa ndi kutha kwa munthu kuona zinthu yekha m'malo modalira kuona kwa anzake. Nthawi zambiri chiphunzitsochi timachimva ngati udindo wa woonayo. Koma chili ndi mbali inanso. Ngati mnzanga ayenera kuona yekha, ine ndilibe ufulu womuphimba kumaso asanayambe n'komwe kuyang'ana. Ndikamuuza za khalidwe la anthu asanakumane nawo, ndalakwira awiri: wonenedwayo, amene waweruzidwa kulibe, ndi mlendoyo, amene ndamulanda mwayi wodziwa anthu payekha. M'Kitáb-i-Aqdas miseche yaletsedwa m'ndime imodzi ndi kupha ndi chigololo. Kale zimenezi ndinkaziona ngati zokhwima kwambiri. Nditakumbukira mmene ndinkadutsira alonda aja osawapatsa moni, ndinayamba kumvetsa.

Komabe wina pagulu lathu anganene kuti: "Nanga kukhala chete si nkhanza? Ukudziwa pamene pali dzenje, mnzako akulowera komweko, iwe n'kungomwetulira?" Funso limeneli ndi loona, ndipo linandigwera ineyo patapita zaka zitatu, pamene akapitawo anandipempha kuti ndilandire mtsikana amene anabwera kudzakhala kalaliki mnzanga.

Vuto linali lotere. Lole ikafika, dalaivala amabwera ndi chikalata chonena kuchuluka kwa matumba, tinene 200 a makilogalamu 50. Kalaliki akasaina, matumbawo ali m'manja mwake. Akadzasowa powerengera katundu, amadula malipiro a wosainayo. Bambo amene ankayang'anira sikelo ndi kutsitsa katundu anali ndi chizolowezi chofulumizitsa: "Sainani, achimwene, tawerenga kale, adalaivala akuchedwa." Ine ndinasainapo tsiku lina osawerenga, ndipo matumba awiri anasowa. Ndinalipira. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti bamboyo ndi amene anawatenga.

Usiku woti mawa mtsikanayo ayamba ntchito, ndinadzifunsa chimene ndikudziwa ndithu. Ndinapeza zinthu ziwiri zokha: kuti ndinasaina osawerenga, ndi kuti matumba awiri anasowa. Sindinaone munthu akunyamula thumba. Mwina anasowa kumene anapakira, mwina panjira, mwina analakwitsa powerenga. Chimene ndinkachitcha chenjezo chinali chikayiko changa ndi mkwiyo wa ndalama zanga.

M'mawa ndinakamuchingamira pageti. "Takulandirani, achemwali. Ine ndine kalaliki mnzanu. Ngati mulibe pothamangira, ndikuonetseni malo." Tinayamba ndi zimene munthu amachita manyazi kufunsa: chimbudzi cha amayi ndi kumene kumakhala kiyi wake, madzi akumwa, nthawi ya nkhomaliro, ndi amene angamuuze akadwala kapena kukagwa maliro. Kenaka ndinamufikitsa kwa aliyense, kuyambira alonda ndi osesa mpaka akapitawo. Pa munthu aliyense ndinkatchula dzina, ntchito yake, ndi chinthu chimodzi choona chimene angamuthandize nacho. Pa sikelo ndinati: "Bambo awa akhala pano nthawi yaitali kuposa tonse. Akangoluma njere ya chimanga amadziwa ngati chauma." Sindinakometse. Zinali zoona, ndipo ndinazinena iwo ali pomwepo.

Titalowa mosungira katundu ndinamuphunzitsa ntchito. M'mawa uliwonse, musanayeze kanthu, onani kuti sikelo ikuyambira pa ziro. Lole ikamatsitsa, imani pamene mukuona thumba lililonse likudutsa. Matumba asanjidwe khumikhumi, kuti 200 akhale milu 20 imene mungaiwerenge kawiri ndi maso. Tengani matumba angapo apa ndi apo, osati a pamwamba okha, muwayeze ndipo muone ngati mulibe chinyezi kapena anankafumbwe. Nambala yanu ikasiyana ndi ya pachikalata, lembani imene mwapeza, adalaivala asainenso pomwepo, ndipo dziwitsani akapitawo lole isanatuluke. Pomaliza ndinati: "Musasaine chimene simunawerenge nokha, ngakhale wokuuzani akhale ine. Ine ndinachitapo, ndinalipira matumba awiri. Anthu adzakufulumizitsani, inu muziyankha mwaulemu kuti mukumaliza kuwerenga."

Taonani kuti chitetezo chonse chimene chenjezo langa likanamupatsa anachilandira, ndipo analandira choposa. Ndikanati "samalani ndi bambo a pa sikelo", akanasamala ndi munthu mmodzi n'kumasaina mwachisawawa bamboyo akapita kutchuthi. Lamulo lowerenga yekha limamuteteza kwa aliyense, tsiku lililonse. Cholakwa chimene ndinaulula chinali changa, ndipo chimenecho ndili ndi ufulu wochinena. Dzenje ndinamuonetsa, koma sindinaloze munthu kuti ndiye analikumba.

Kuchokera pamenepo ndimadzifunsa mafunso atatu ndisanauze mlendo kanthu kokhudza mnzathu. Kodi ndinaona ndekha, kapena ndinangomva? Kodi ndinganene mawu omwewa mwiniwake ali pomwepo? Kodi mlendoyu akufunika dzina la munthu kuti atetezeke, kapena akufunika njira yogwirira ntchito? Nthawi zambiri funso lachitatu limathetsa nkhani.

Koma njira imeneyi ili ndi malire, ndipo tisawabise. Tiyerekeze kuti pantchito pali mwamuna amene mukudziwa ndithu kuti amagwiragwira akazi akakhala okha mosungira katundu. Apa kuphunzitsa kuwerenga matumba sikukwanira. Kuletsa miseche sikunaikidwe kuti kukhale mthunzi wa opondereza anzawo. Mtsikanayo ayenera kuuzidwa momveka kuti asalole kutsekeredwa yekha ndi munthuyo, ndiponso kumene angakadandaule. Ndipo nkhaniyo iyenera kufika kwa amene ali ndi mphamvu yoithetsa: akuluakulu a pantchito, ndipo ngati ndi mlandu, apolisi. Kusiyana kwake n'koti miseche imayendayenda pakati pa anthu amene sangakonze kanthu, pamene dandaulo limapita kumene lingaweruzidwe, ndipo wonenedwayo amapatsidwa mwayi woyankha. Ngati choipa n'chachikulu moti ndiyenera kuchenjeza mlendo, n'chachikulunso moti ndinayenera kuchitula kalekale kwa oyenera. Kunong'oneza watsopano aliyense kwa zaka, osachitapo kanthu, ndi mantha chabe.

Zimenezi zinandikhudza ineyo. Ndinazindikira kuti kwa zaka ndinasunga chikayiko osalankhula ndi bambo a pa sikelo aja. Sabata yomweyo ndinawafunsa chifukwa chimene amafulumizitsira. Anati aganyu amalipidwa pa thumba, ndiye kalaliki akamachedwa, lole yachiwiri imagona ndipo anyamatawo amapita kwawo ndi ndalama yochepa. Tinakambirana ndi akapitawo, n'kugwirizana kuti kalaliki aziwerenga katundu akutsika, osati atatha kutsika. Kumene kunapita matumba anga awiri sindinakupeze, ndipo ndasiya kukhala woweruza wa mlandu wopanda mboni.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Patatha mwezi, mtsikana uja anaona kuti milu yathu inagundana ndi khoma, ndipo matumba a kumbuyo ankagwira chinyezi. Ife tinkadutsapo tsiku ndi tsiku osaona. Ndikanamudzaza ndi maganizo anga tsiku loyamba, akanayang'ana kumene ine ndimayang'ana, kalumoko n'kubuntha asanametere aliyense. Tsono pomulandira mnzathu, timupatse moni, timuonetse zitseko, timuphunzitse ntchito ndi misampha yake. Anthu tiwasiye kuti akumane nawo yekha.

Mafunso okambirana pagulu:

1. Kumbukirani tsiku lanu loyamba pantchito, pasukulu kapena m'mudzi umene munakwatirako kapena kukwatiwako. Kodi munauzidwa chiyani za anthu, ndipo zinakutengerani nthawi yaitali bwanji kuti muone nokha?

2. Tchulani chenjezo limodzi limene mumapereka kwa atsopano. Kodi lingaperekedwe popanda kutchula munthu?

3. Mlendo akakufunsani yekha kuti, "Kodi akapitawo athu ndi munthu wotani?", mungayankhe bwanji mosanama komanso mosajeda?

4. Munthu akalowa gulu lathu lophunzira koyamba, kodi amamva chiyani kwa ife za abwenzi amene sanabwere tsiku limenelo?