Kodi ndinanama pomuyamikira?



Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Lirangwe. Mpando wa wachiwiri kwa ahedi utatseguka, tinaufuna anthu awiri: ine ndi mnzanga amene timaswali limodzi Jumuwa. Anasankhidwa iyeyo.

Tsiku limenelo ndinamugwira chanza ndikuti, "Achimwene, mashaallah, ndakunyadirani." Koma kunena zoona, mumtima munali mukuwawa. Usiku wonse funso linali limodzi: kodi pamenepa sindinachite chinyengo, pakamwa pena mtima pena?

Ma ulama amasiyanitsa zinthu ziwiri. Hasadi, yomwe ndi kaduka, ndi kufuna kuti mtendere umene mnzako wapatsidwa umuchokere. Ghibta ndi kulakalaka utapeza ngati zakezo, iye osalandidwa kanthu. Choncho funso lenileni si lakuti "kodi zandiwawa?" Munthu wakonzekera, wapempha duwa, mpaka wawerengera kale ulemu wa mpandowo, angalephere bwanji kumva kuwawa? Funso ndi ili: nditamva mawa kuti amuchotsa, ndingasangalale?

Yankho ndinalipeza patatha masiku atatu, mu sitafurumu. Mphunzitsi wina anandinong'oneza kuti, "Mpando uja unali wanu, awa angodziwana ndi akuluakulu." Abale, mawu amenewa anandikomera ngati madzi ozizira pa futari. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mayeso sanali pa chanza paja ayi. Kuyamikira pamaso n'kophweka. Pamene mwiniwake palibe, wina n'kukutsegulira khomo la miseche, m'pamene hasadi imaonekera.

Ndinakumbukira ana awiri a Adam mu Surat Al-Maida. Onse anapereka nsembe, ya mmodzi n'kulandiridwa. Winayo sanafunse chimene chinaperewera mwa iye, anangolimbana ndi m'bale wake mpaka kumupha. Ife sitipha, koma timachedwetsa dala masikimu, timangoti ziii pamsonkhano, timadikira alakwitse kuti tiziti "tinanena ife."

Ndinayankha kuti, "Ayi, amayenera. Marejisitala ake amakhala olongosoka kuposa anga." Zinali zoona, n'chifukwa chake zinalemera pakamwa.

Nanga zikanakhala kuti panalidi zokondera? Kukadandaula kwa oyenera, uli ndi umboni, si kaduka. Koma ine umboni ndinalibe, ndinali ndi bala basi.

Tsono ndikuti sindiname. Mawu aja anali lonjezo, mtima n'kumatsatira pambuyo. Chakhala chikundithandiza ndi kumupemphera duwa pomutchula dzina ndikamaliza swala, iye osadziwa. Masiku oyamba lilime limakana ndithu. Pano likufewa, ngakhale ndikamuona akulowa mu ofesi muja kamtima kamalasabe pang'ono. Riziki langa silinapite kwa iye. Limeneli linalembedwa lake.

Lolemba andipempha kuti tikonzere limodzi taimutebulo. Ndipita, inshaallah.

Nanga inu, mnzanu amene anakupitirirani uja, mungathe kumutchula dzina mu duwa yanu usiku uno?