Malonje a ahedi asapitirire mphindi zitatu

Ana anga amene mwangopatsidwa kumene udindo wa uhedi m'sukulu za kuno ku Khonjeni, ndinagwira ntchito imeneyo mpaka kupuma, ndiye ndiloleni ndikulangizeni pa mawu oyamba amene mumalankhula tsiku limene makolo abwera kudzakhala pamodzi ndi ana awo pa asembule. Ambiri amawachepetsa mawu amenewa, koma ndi amene amawagwetsa. Ndi malonje chabe, ndipo malonje a mphunzitsi wamkulu asapitirire mphindi zitatu. Ukaposa apo wayamba kudya nthawi ya anthu ena, ndiponso wayamba kulankhula zimene sunakonzekere.

Muyambe mwadziwa amene akhala patsogolo panu. Makolo ambiri kuno moyo wawo wamangika pa tiyi. Ena amagwira ntchito m'maesiteti, ena ali ndi timinda tawo ta tiyi, ena amadalira nthochi, chimanga ndi kagulitsidwe ka pamsika. Wothyola tiyi amalawirira mame asanaume, ndipo chimene alandire chimadalira masamba amene akafike nawo pa sikelo. Kuyambira Disembala mpaka cha m'Epulo, mvula ikamagwa, tiyi amaphuka msanga ndipo ntchito imachuluka. Mayi amene wakhala pabwalo la sukulu m'miyezi imeneyi wasiya dengu, wapempha kwa akapitawo, mwina wataya ndalama ya tsikulo. Ana nawo aima padzuwa, a Sitandade 1 ali kutsogolo, ena a iwo sanalaweko kanthu chidzukire ndipo maso awo ali ku phala. Mukakumbukira anthu awiriwa, mayi uja ndi kamwana ka zaka 6, simungatalikitse.

Musanatsegule pakamwa, bwalo likhale litakonzeka. Mphunzitsi wa pa ntchito sabata imeneyo ndiye amafoletsa ana, osati inu. Mipando ya mafumu ndi akomiti ikhale pamthunzi, makolo achikulire akhale pansi pamalo abwino, ana aang'ono kutsogolo. Pemphero ndi nyimbo ya fuko zikatha ndi pamene mumaimirira. Pa nkhani ya pemphero, kumbukirani kuti sukulu ndi ya onse ngakhale itakhala ya mpingo. Ngati wotsegula ndi wa mpingo wina, wotseka akhale wa chipembedzo china. Inuyo imani pamene mphepo ikukankhira mawu anu kwa anthu, ndipo musayambe phokoso lisanathe. Kukuwa kuti "Chete! Chete!" pamaso pa makolo kumaonetsa kuti sukulu ilibe mwambo. Imani chabe, muwayang'ane ana, adzakhala chete okha.

Chinthu choyamba m'malonje ndi ulemu, ndipo ulemu uli ndi ndondomeko yake. Dera lino ndi la Mfumu Kapichi, ndipo pansi pawo pali magulupu ndi anyakwawa amene midzi yawo imatumiza ana kusukulu kwanu. Malo amene sukulu yamangidwapo anaperekedwa ndi mafumu, njerwa anaumba ndi anthu awo, choncho muyambe ndi mfumu yaikulu imene ilipo. Kenako mutchule alangizi a maphunziro a m'zoni ngati abwera, akhansala, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, apampando a komiti yoyendetsa sukulu, apampando a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, amayi a gulu loyang'anira atsikana, makolo onse, aphunzitsi anzanu, ndipo pomalizira ana. Tchulani maudindo, osati maina a munthu aliyense. Mukayamba maina mudzaiwala mmodzi, ndipo amene mwamuiwalayo ndi amene adzakane kutumiza anthu ake kudzatuta mchenga. Dzulo lake funsani apampando a komiti kuti abwere ndani, mulembe pa kapepala kamodzi. Ngati mfumu yatumiza nduna, nenani kuti "oimira Agulupu", chifukwa munthuyo wanyamula ulemu wa amene wamutuma. Ndipo ngati m'mudzi wina muli maliro kapena zangochitika kumene, pepesani m'mawu amodzi musanapite patsogolo. Mphunzitsi wamkulu amene amalumpha zimenezi amaoneka ngati mlendo wosafunsa.

Ana apatseni moni wawo pawokha, ndipo mudikire ayankhe. Mukati "Mwadzuka bwanji ana inu?" iwo n'kuyankha onse pamodzi, makolo amamva kuti ana awo ali m'manja mwa munthu amene amadziwana nawo. Lankhulani Chichewa. Chingerezi chili ndi malo ake m'kalasi, koma pamsonkhano wa makolo chimangoika mpanda pakati pa inu ndi agogo amene akulera ana amasiye. Kuno kuli Alomwe ambiri ndi Amang'anja. Ngati moni wa Chilomwe mumautha bwino, uperekeni, akuluakulu adzasekerera. Ngati simuutha, musauyesere pagulu.

Chachiwiri ndi kunena chimene mwaitanira anthu, ndipo chikhale chimodzi. Apa ndi pamene ahedi achinyamata amasochera. Amafuna kunena za kujomba, za yunifolomu, za zimbudzi, za nkhuni za phala, za mabuku ong'ambika, za atsikana osiya sukulu, zonse m'malonje. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu amene wamva nkhani zisanu ndi imodzi amafika kunyumba wopanda ngakhale imodzi. Sankhani molingana ndi nyengo. Potsegulira chaka, nkhani ndi kulembetsa ana amene akwanitsa zaka 6. Teremu yachiwiri, mvula ili pakati, nkhani ndi kujomba, chifukwa ndi nthawi imene ana amatsala kunyumba kulera ang'ono awo makolo ali ku tiyi, kapena kuopa mitsinje yodzadza. Mayeso a Maneb a Sitandade 8 akayandikira, nkhani ndi kuwapatsa ana nthawi yowerenga. Zotsalazo zili ndi eni ake amene adzazilankhule pa nthawi yawo.

Chachitatu ndi kuwauza anthu amene alankhule pambuyo panu ndi nthawi imene muweruke. Mukanena kuti titha 9 koloko, ithedi 9 koloko. Mukasunga mawu amenewa kawiri katatu, makolo adzayamba kubwera osawakakamiza, chifukwa adzadziwa kuti angathe kupempha maola awiri kuntchito osanama.

Tiyerekeze kuti ndi Januwale, sabata yoyamba ya teremu yachiwiri, ndipo mwaona m'kaundula kuti ana a Sitandade 3 ndi 4 ankajomba kwambiri chakumapeto kwa teremu yatha. Mungalankhule motere:

"Agulupu ndi mafumu onse, apampando a makomiti athu, azibusa ndi mashehe, amayi ndi abambo, aphunzitsi anzanga, ulemu wanu. Ana inu, mwadzuka bwanji? Zikomo. Makolo, takulandirani pasukulu yanu. Tikudziwa kuti ino ndi nthawi ya ntchito, ena mwasiya tiyi, ena mwasiya kupalira, ndipo tikuthokoza kuti mwabwera. Tipepese anzathu a kumudzi kumene kwagwa zovuta sabata ino. Takuitanani pa nkhani imodzi. Kaundula wathu akuonetsa kuti mvula itayamba, ana ambiri a Sitandade 3 ndi 4 ankabwera masiku atatu okha pa sabata. Mwana wotere mnzake akamaphunzira kuwerenga iye amatsalira, ndipo akatsalira amayamba kudana nayo sukulu. Sitinakuitaneni kudzakudzudzulani. Tikufuna timve kwa inu chimene chikuwatsekereza ana, kuti tipangane chochita. Ana akalowa m'kalasi, apampando a komiti atitsogolera, kenako amayi a gulu lathu alankhula, ndipo Agulupu atitsekera. Ikamakwana 9 koloko tikhala titamaliza. Ana inu, makolo anu abwera chifukwa cha inu, athokozeni ndi m'manja. Zikomo kwambiri."

Mukawerenga mawu amenewa mofatsa, kudikira ana ayankhe ndi kuomba m'manja, sapitirira mphindi ziwiri. Onani kuti umboni watengedwa m'kaundula, osati m'mutu. Musanene chiwerengero chimene simunachiwerenge nokha, chifukwa pagulu pamakhala kholo limene lidzafunse. Onaninso kuti ana akuuzidwa kuti alowa m'kalasi nkhani ya akulu isanayambe. Pali nkhani zimene sizikambidwa ana ali pomwepo.

Pali zinthu zitatu zimene siziyenera kulowa m'malonje ngakhale mtima ukuwawa bwanji. Choyamba ndi kutchula mwana kapena kholo pa cholakwa. Mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, monga mmene ndondomeko ya boma imalolera, musamuloze ngakhale pomuyamikira. Mukamuimiritsa pamaso pa sukulu yonse, mawa lake sabwera. Mwana amene akumveka kuti akupita ku maganyu, nkhani yake ndi ya mu ofesi, pamodzi ndi kholo lake ndi akomiti. Lamulo la ntchito m'dziko muno silola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo malamulo aakulu a dziko kuyambira 2017 salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Zimenezi mukhoza kukumbutsa anthu onse pa nthawi yake, koma osaloza nyumba ya munthu.

China ndi ndalama. Sukulu za pulayimale ndi zaulere kuyambira 1994, ndipo makolo amazidziwa zimenezi. Ngati pakufunika chopereka cha chitukuko, kaya cholipira alonda, nkhaniyo ndi ya komiti, ndipo aikambe ndi apampando pamodzi ndi asungichuma, atafotokoza kaye mmene ndalama zam'mbuyo zinayendera. Ahedi akangotchula ndalama m'malonje, anthu amanong'onezana kuti atiitanira zomwezo, ndipo zonse zotsatira sazimvanso. Chomaliza ndi ndale. Ngati phungu kapena khansala wabwera, mulandireni ndi udindo wake basi. Inu ndinu wantchito wa boma, ndipo makolo anu ndi a zipani zosiyanasiyana.

Mudzadziwa bwanji kuti mwatalikitsa? Yang'anani kutsogolo ndi kumbuyo. Ana a Sitandade 1 akayamba kukhala pansi ndi kuseweretsa dothi, amayi akumbuyo akayamba kumanganso zitenje ndi kubereka ana kumsana, abambo akayamba kuyang'ana kumene aimika njinga, ndiye kuti makutu atsekeka. Musakweze mawu pofuna kuwabweza. Thokozani, perekani mpata kwa apampando, khalani pansi. Ndipo mudzadziwa kuti malonje anagwira ntchito ngati kholo limene mwakumana nalo pamsika pakatha masiku angapo lingathe kukuuzani nkhani imodzi imene munaitanira anthu.

Choncho usiku woti mawa lake kuli msonkhano, usanagone, mwanawe, lemba malonje ako pa tsamba limodzi la kope, uwawerenge mokweza uli ndi wotchi m'manja, ndipo chilichonse chimene chapitirira mphindi zitatu uchipereke kwa apampando a komiti kuti akachinene iwo.