Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe,
ukachenjera manja udya naye.
Ankanena kuti mwana wa eni ukamulera bwino,
mawa adzakusamala ngati wobala wekha.
Aphunzitsi athu, mwambiwu ndi wanu.

Simunatibale, koma mumatidziwa mayina
ngakhale tadzaza kalasi mpaka pakhomo.
Buku limodzi timagwirira anayi,
inu n'kulemba ndime yonse pabolodi,
choko chitatsala kachidutswa kogwira ndi nsonga za zala.

Masamu munatiphunzitsa ndi timiyala,
ndi zitsekerero za mabotolo zotola kumsika.
Makatoni otayidwa munawadula bwinobwino,
n'kulembapo a, e, i, o, u,
ife tikutsanzira ndi chala pamchenga.
Mvula ikatipeza pansi pa mtengo wa mango
mumayamba kubisa mabuku athu,
malaya anu akunyowa.

Usiku mumachonga makope ndi tochi,
m'mawa mwafika ife tisanasese.

Lero, pa 5 Okutobala, tsiku la aphunzitsi, tikuti zikomo!
Makolo, tiyeni tiumbe njerwa za makalasi.
Aboma, mangirani aphunzitsi nyumba,
tumizani mabuku ndi choko,
ndipo malipiro awo asamachedwe.