Kwa inu amene mwayamba kumasulira Chifalansa

Ana anga, ena mwa inu mwayamba kuitanidwa ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kukamasulira mawu a abale athu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Musanapite, ndikuchenjezeni za mawu awiri aafupi amene amagwetsa ngakhale anthu ophunzira: on ndi il y a.

Mneni wa Chichewa sayenda wopanda mwini. Ukangotsegula pakamwa wasankha kale: tinapita, anapita, munapita. Wolankhula Chifalansa ali ndi pobisala. Liwu lakuti on linachokera ku liwu la Chilatini homo, kutanthauza munthu, ndipo lero limaimira ife, iwo, wina wake kapena anthu onse, mneni osasintha. Dokotala akhoza kufunsa wodwala kuti on a bien dormi ? akutanthauza kuti mwagona bwanji. Apo on ndi inu.

Tiyerekeze kuti mayi akufotokoza usiku umene anathawa kwawo: On a frappé à la porte. Il y avait des soldats partout. On a pris les enfants et on est partis.

Chiganizo choyamba n'chosavuta. Mayiyo anali m'nyumba, wogogodayo sanamuone, ndiye nenani kuti "wina anagogoda pachitseko". Musanene kuti asilikali anagogoda, chifukwa iye sanatero.

Chachitatu ndiye chili ndi minga. Mukanena kuti "tinatenga ana", mwafotokoza banja limene linathawa limodzi. Mukanena kuti "anatenga ana", womvera aganiza za asilikali amene angotchulidwa kumene, ndipo alemba kuti ana anabedwa. Kusiyana kwake ndi ti- ndi a- basi, koma nkhani ya banja lonse yatembenuka. Ena amathawira ku "ana anatengedwa" poganiza kuti sanasankhe mbali. Asankha ndithu, pakuti palibe kholo limene limanena choncho za ana amene linawabereka lokha kumsana.

Nanga mudziwa bwanji? Mvetserani timawu timene tazungulira mneni. Akanena kuti on nous a pris les enfants, nous ameneyo akusonyeza kuti ife ndife ochitiridwa, choncho on ndi anthu ena: anatilanda ana. Akanena kuti nous, on a pris, atsindika yekha kuti ndi ife. Chimodzimodzi on nous a cachés ndi "anatibisa", pamene on s'est cachés ndi "tinabisala". Papepala pali chizindikiro china: s wa kumapeto kwa partis amasonyeza kuti opitawo ndi ambiri, ndipo kawirikawiri ndi ife. Koma s ameneyu samveka polankhula, ndiye khutu silingakuthandizeni pamenepo. M'chitsanzo chathu, on wa pris ndi on wa partis alumikizidwa ndi et, choncho n'zotheka kwambiri kuti onse ndi ife. Kuthekako sikukwanira pa nkhani imene ilembedwe m'buku la boma. Imani, uzani wofunsa mafunso kuti womasulira akufuna kutsimikiza, ndipo funsani mayiyo: anatenga ana ndani?

Pa zonena za anthu wamba musavutike, Chichewa chili nazo njira zake. On dit que ndi "akuti" kapena "amati". On ne sait jamais ndi "munthu sungadziwe".

Tsono il y a. Sasintha, chinthu chikhale chimodzi kapena zikhale zambiri, ndipo sanena kumene chili. Ife tiyenera kusankha pakati pa pali, kuli ndi muli. Il y a de l'eau ndi "muli madzi" ngati akunena za mtsuko, "pali madzi" ngati atayika pansi, "kuli madzi" ngati akunena za kumudzi kwawo. Pokana n'chimodzimodzi: palibe, kulibe, mulibe. Mayi uja anatithandiza ponena partout, ndiye titi "paliponse panali asilikali". Akanangoti il y avait des soldats, mukanayenera kudziwa ngati "kunali asilikali" kunja kapena "munali asilikali" m'nyumba, ndipo wolemba umboni kusiyana kumeneko amakufuna kwambiri.

Nthawi zina il y a sanena za malo n'komwe. Il y a trois ans payekha ndi "zaka zitatu zapitazo". Pakabwera que ndi mneni wa nthawi ya tsopano, monga il y a trois ans que j'habite ici, munthuyo akadali pompo: "ndakhala kuno zaka zitatu". Mukasokoneza ziwirizi, munthu amene akukhala m'msasa mpaka lero amveka ngati anachokamo kalekale, ndipo zaka zake zikapanda kugwirizana, amene aoneke wabodza ndi iye, osati inu.

Choncho ana anga, pamene Chifalansa chabisa mwini ndipo nkhani yake ndi yaikulu, musaganizire. Funsani mwini mawu asanachoke pampando.